Kolesterolo Yatsika, Nanga Mapilisi?

Pa famase ina ku Kabwata, amdala ena anaonetsa pepala la ku labu, kolesterolo yafika bwino. "Mwana wanga, atovasitatini nasiya, napola."

Wa famase anaseka. "Atate, manambala aya ni nchito ya pilisi. Imaletsa chiwindi kupanga kolesterolo yambiri. Mukasiya, pakapita masabata ochepa yakweranso, ndipo simuzamva kalikonse."

Amdala anadandaula kuti minofu ya m'miyendo imawawa. Iyi ndiye inali nkhani yeniyeni.

"Muuzeni dokotala, angachepetse mlingo kapena kusintha mtundu. Koma mkodzo ukada monga tiyi, thamangani ku chipatala tsiku lomwelo."

Amdalawa anadwalapo sitroko, ndiye ine niona kuti wa famase anachita bwino kuwakanira. Anagula paketi ina, akung'ung'udza za mtengo.