Yofiira ndiye yozizira

Kuyambira Disembala mpaka Malichi, madzulo amene mitambo ya dzinja yatipatsa mpata, mumaona nyenyezi zitatu zondondozana pamzere umodzi, zotalikirana mofanana. Zili pakati pa gulu limene mabuku amalitcha Orion. Chakumpoto kwa zitatuzo kuli nyenyezi yowala yofiirira, dzina lake Betelgeuse. Chakumwera kwake kuli ina yowala kuposa pamenepo, yoyera mopita ku buluu, dzina lake Rigel. Mukafunsa anthu kuti yotentha kwambiri ndi iti, ambiri amaloza yofiirayo, pakuti kufiira tinakuzolowera pa moto. Koma yankho ndi Rigel, ndipo si mwapang'ono ayi. Pamwamba pa Betelgeuse pamatentha madigiri pafupifupi 3,600, pomwe pa Rigel pamafika cha m'ma 12,000.

Amene anakhalako pafupi ndi wosula makasu sangadabwe nazo. Chitsulo chikangolowa m'makala chimakhala chakuda ngakhale kuti chingakuotcheni kale. Mvukuto ikamapopa, chimayamba kufiira moderako, kenaka chimapsa psuu, n'kusanduka chachikasu, mpaka kuyera. Wosula alibe chida choyezera kutentha, amangowerenga mtunduwo n'kudziwa nthawi yochotsa chitsulo kuti achimenye. Chikanakhala kuti chitsulo sichisungunuka, chikanapitirira kuchoka pa kuyera n'kulowera ku buluu. Nyenyezi si chitsulo, ndi mpweya wotentha wothithikana, koma lamulo lake ndi lomwelo: chinthu chowala chifukwa cha kutentha kwake chimasintha mtundu malinga ndi kutenthako, mosatengera kwenikweni kuti chinapangidwa ndi chiyani.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu umene diso limaona umadalira kutalika kwa fundelo. Kutalikaku amakuyeza m'mananomita, ndipo nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka miliyoni. Diso la munthu limaona kuyambira pa mananomita pafupifupi 400, kumene kuli buluu ndi pepo, mpaka cha pa 700, kumene kuli kufiira. Chinthu chotentha chimatulutsa mafunde aatali ndi aafupi omwe, koma pali kutalika kumodzi kumene chimatulutsa mphamvu yochuluka koposa. M'chaka cha 1893, katswiri wa ku Jeremani Wilhelm Wien anaonetsa kuti kutalika kumeneku kumafupika pamene kutentha kukukwera, ndipo masamu ake ndi osavuta. Mumatenga 2,898,000 n'kugawa ndi kutentha kwa chinthucho, yankho n'kutuluka m'mananomita. Kutenthako kumayenera kukhala m'madigiri a kelivini, amene amangokhala madigiri a selishasi tinazolowerawa kuwonjezerapo 273. Manambala onse a kutentha kwa nyenyezi m'nkhani ino ali m'makelivini.

Tiyese ndi Betelgeuse. Kugawa 2,898,000 ndi 3,600 kukutipatsa 805. Nambala imeneyi yapitirira 700, ndiye kuti mphamvu yaikulu ya nyenyeziyi ili m'kuwala kwa mafunde aatali kumene diso siliona, kuja timangokumva pakhungu tikayandikira mbaula. M'kagawo kamene diso limaona, mbali yofiira ndiyo ili pafupi ndi 805, motero kufiira kumachuluka kuposa buluu. Rigel ndiye yapita kwina: kugawa ndi 12,000 kukutipatsa 241 ndi kachidutswa, kutsikiratu kunsi kwa 400. Nayonso mphamvu yake yaikulu sitiiona, koma m'zimene timaona buluu ndiye wapambana.

Nanga dzuwa? Pamwamba pake pamatentha 5,772, ndipo masamu omwewo akutipatsa 502, amene ndi malo a mtundu wobiriwira wa masamba. Komatu dzuwa si lobiriwira, ndipo kumwamba konse simudzapezako nyenyezi yobiriwira chotero. Chifukwa chake n'chakuti nyenyezi simatulutsa mtundu umodzi. Pamene mphamvu yake yaikulu ili pakatikati pa zimene diso limaona, kufiira kumakhalapo kochuluka, buluu nayenso wochuluka, ndipo zonse zikalowa m'diso pamodzi timaona kuyera. Dzuwa ndi loyera. Chikasu kapena kufiira kumene timaliona nako m'mawa ndi madzulo n'kwa mpweya wa dziko lathu, umene umamwaza kuwala kwa buluu panjira. Pa chifukwa chomwecho mitundu ya nyenyezi imakhala yosakhwima. Betelgeuse si yofiira ngati magazi, imangopita ku olenji, ndipo Rigel ndi yoyera yongothimbirira buluu.

Mtunduwu umangonena za pamwamba pa nyenyezi pokha, pamene kuwala kumachokera n'kuyamba ulendo wobwera kuno. Pakati penipeni pa dzuwa pamatentha madigiri 15 miliyoni, koma zimenezo mtundu wake sukuuzani. Sukuuzaninso kukula kwa nyenyeziyo, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imandikomera.

Nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu ndi Proxima Centauri, imene Robert Innes anaitulukira ali ku Johannesburg m'chaka cha 1915. Kuwala kwake kumatenga zaka 4.2 kuti kufike kuno. Imatentha madigiri pafupifupi 3,000, motero ndi yofiira, yosasiyana kwenikweni ndi Betelgeuse. Koma ngakhale ili pakhomo chonchi, simungaione popanda telesikopu. Betelgeuse ili kutali moti kuwala kwake kumayenda zaka mazana angapo, koma ngakhale mwana amailoza ndi chala. Kusiyana kuli pa msinkhu. Proxima ndi kanyenyezi kofiira kakang'ono, m'mimba mwake muli pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a dzuwa. Betelgeuse ndi chimphona chokalamba chimene chinafufuma mpaka kuposa dzuwa m'mimba mwake ka 700 kapena cha pomwepo. Tinyenyezi tofiira tating'onoti nditi tambiri mu Mlalang'amba wathu, pafupifupi titatu pa nyenyezi zinayi zilizonse, koma palibe ndi kamodzi komwe kamene diso lokha lingakaone. Choncho mukaona nyenyezi yofiirira yowala bwino, dziwani kuti ndi chimphona: Betelgeuse, Antares, kapena Gacrux imene ili kumutu kwa Mtanda wa Kumwera.

Kodi akatswiri anadziwa bwanji kuti nyenyezi zofiira zowala ziyenera kukhala zimphona? Pali lamulo lachiwiri, la Stefan ndi Boltzmann, lonena kuti mphamvu imene kachigawo kalikonse ka pamwamba pa nyenyezi kamatulutsa imakwera mofulumira kuposa kutenthako. Kutentha kukawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza ka 16, ndiye kuti 2 × 2 × 2 × 2. Rigel imatentha kuposa Betelgeuse katatu ndi kachidutswa, tinene 3.3. Mukachulukitsa 3.3 × 3.3 × 3.3 × 3.3 mupeza pafupifupi 120. Ndiye kuti malo aakulu ngati chikhatho pa Rigel amatulutsa mphamvu yofanana ndi zikhatho 120 za pa Betelgeuse. Komabe nyenyezi ziwirizi, mukawerengera kuwala konse, kooneka ndi kosaoneka, sizisiyana kwambiri: iliyonse imaposa dzuwa cha m'ma 100,000. Kuti yozizirayo ifanane ndi inzake, iyenera kukhala ndi malo apamwamba ochuluka pafupifupi ka 100, kutanthauza m'mimba mwake motalika pafupifupi kakhumi. Ndipo zilidi choncho, pakuti Rigel imaposa dzuwa m'mimba mwake ka 75 kapena kupitirirako pang'ono, Betelgeuse ka 700. Mtundu wapereka kutentha, ndipo kutentha pamodzi ndi kuwala zapereka msinkhu wa chinthu chimene m'telesikopu wamba chimangooneka ngati kadontho.

Rigel si yotsiriza pa kutentha. Acrux ndi Mimosa, nyenyezi ziwiri zowala koposa mu Mtanda wa Kumwera, umene umaoneka bwino madzulo a Epulo mpaka Juni, zimatentha kupitirira 20,000. Nyenyezi zitatu zondondozana zija zili cha m'ma 27,000 mpaka 30,000. Koma kumtunda kuno diso limatha nzeru. Nyenyezi ya madigiri 20,000 ndi ya 40,000 zimaoneka pafupifupi chimodzimodzi, chifukwa kusintha konse kukuchitikira m'mafunde aafupi amene sitiwaona.

N'chifukwa chake akatswiri sadalira diso. Amayeza kuwala kwa nyenyezi kawiri, koyamba kudzera m'galasi lolola buluu yekha, lotchedwa B, kachiwiri m'galasi lolola chikasu chobiriwirako, lotchedwa V, n'kuchotsera. Nambala yotulukayo, B−V, imakula nyenyezi ikamafiira. Ya Rigel ndi −0.03, ya dzuwa ndi 0.65, ya Betelgeuse ndi 1.85. Ndi njira yachangu, ndipo imagwira ngakhale pa nyenyezi zosawala, zimene diso lathu limangoziona zotuwa chifukwa mumdima silisiyanitsa mitundu.

Koma mtundu umanamanso. Nyenyezi ikakhala m'munsi, chakufupi ndi mapiri kapena mitengo, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wambiri, ndipo imafiirira ngati dzuwa polowa. M'chilimwe, fumbi ndi utsi wa moto wolusa zikadzaza, zimanyanya. Sirius, nyenyezi yowala koposa zonse usiku, ndi yoyera, ya madigiri pafupifupi 9,900, koma ikamatuluka imathwanima mofiira, mobiriwira ndi mwabuluu. Umenewo ndi mpweya wathu ukugwedezeka. Idikireni ikwere, muiona yoyera. Palinso Mars, imene imaoneka yofiira koma si nyenyezi n'komwe, ndi pulaneti lozizira longobweza kuwala kwa dzuwa kuchokera pa dothi lake ladzimbiri. Mumaizindikira chifukwa simathwanima kwenikweni ndipo imasuntha pakati pa nyenyezi masabata akamapita.

Bodza lovuta kuligwira ndi la fumbi la pakati pa nyenyezi, chifukwa ngakhale mutadikira usiku wonse silichoka. Fumbi limeneli limatsekereza buluu kuposa kufiira, motero nyenyezi ya kuseri kwake imaoneka yozizira kuposa m'mene ilili. Mankhwala ake ndi kumwaza kuwala kwa nyenyeziyo kuti kukhale ngati utawaleza, n'kuyang'ana timizere takuda timene timaoneka m'menemo. Timizereto timachokera ku mipweya ya pamwamba pa nyenyezi, ndipo fumbi la panjira silitisintha. Annie Jump Cannon wa ku Harvard, ku Amereka, anasanja nyenyezi zoposa 200,000 potengera timizereti, m'magulu a O, B, A, F, G, K ndi M. M'chaka cha 1925 Cecilia Payne anaonetsa kuti kusiyana kwa maguluwa kumachokera pa kutentha, osati pakuti nyenyezizo zinapangidwa ndi zinthu zosiyana kwambiri. Gulu O ndilo lotentha koposa, M lozizira. Dzuwa lili mu G, Rigel mu B, ndipo Proxima ndi Betelgeuse zonse zili mu M.

Timizere ta mpweya wa hiliyamu timaoneka bwino pa nyenyezi zotentha kwambiri zokha. Pa zozizira za gulu M pamaoneka mizere yotakata ya titaniyamu wophatikana ndi okosijeni, umene sungakhalepo pa nyenyezi yotentha chifukwa umaphwasuka. Nyenyezi yotchedwa Zeta Ophiuchi ndi chitsanzo chabwino. B−V yake ili pafupi ndi ziro, zimene zikanatanthauza madigiri cha m'ma 10,000 ngati Sirius. Koma timizere take tikuiika m'gulu O, la madigiri oposa 30,000. Ziwirizi zikatsutsana chonchi akatswiri amakhulupirira timizere, ndipo kusiyana kwa mtundu umene nyenyeziyo inayenera kukhala nawo ndi umene ikuoneka nawo amakugwiritsa ntchito poyeza kuchuluka kwa fumbi limene lili pakati pa ife ndi iyo.