Musamalandire lipoti lakuti “inali netiweki”

Webusayiti ya loji ina ya ku Kande inakhala maola 11 isakutseguka Loweruka lina m'nyengo yachilimwe, nthawi imene alendo amakhala ambiri m'mphepete mwa nyanja kuchokera ku Chintheche mpaka ku Kande. Lolemba bwana wa pamalopo anapempha mnyamata amene amayang'anira webusayitiyo kuti alembe zimene zinachitika. Yankho linafika pa WhatsApp mwachidule: “Pepani bwana, linali vuto la netiweki koma takonza, zonse zili bwino.” Bwanayo anandionetsa uthengawu n'kundifunsa ngati ndi wokwanira. Ndinawauza kuti ayi, chifukwa sukunena chimene chinawonongeka, sukunena kumene maola 11 aja anapita, ndiponso sukuwapatsa chifukwa chilichonse chokhulupirira kuti zimenezi sizichitikanso.

Mawu akuti netiweki timawalandira msanga chifukwa nthawi zina amakhaladi oona. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri za intaneti zodutsa pansi pa nyanja ya mchere, EASSy ndi Seacom, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo Malawi, Mozambique ndi Tanzania tinavutika pamodzi. Magetsi amatizimiranso kawirikawiri. Koma webusayiti ya loji ngati imeneyi sikhala pa Kande. Imakhala pa seva yobwereka kunja kwa dziko, ndipo mlendo wa ku Germany amene akufuna chipinda amaifika osadutsa pa nsanja ya foni ya pa Kande. Magetsi atazima boma lonse la Nkhata Bay, iyeyo amaitsegulabe. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Tsegulani mawebusayiti ena pa foni yomweyo. Yesaninso yanuyo pa Airtel, kenako pa TNM. Ngati ena onse akutseguka koma yanu yokha ikukana pa manetiweki onse awiri, vuto lili kwa inu.

Tsiku limenelo webusayiti sinali chete. Inkaonetsa chenjezo lakuti “Your connection is not private”, ndipo pansi pake panali mawu aang'ono akuti NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Mawu amenewa amanena vuto lenileni: setifiketi imene imatsimikizira kuti webusayitiyi ndi yoona komanso kuti zimene mlendo akulemba zikuyenda mobisika, yatha masiku. Mlendo amene akufuna kulemba dzina lake ndi nambala ya khadi la kubanki akaona chenjezo lotere amabwerera pomwepo, ndipo salakwitsa. M'mphepete mwa msewu wa M5 malo ogona ndi ambiri, amangosankha ena.

Ndinamupempha mnyamatayo kuti alembenso, ndipo ayambe ndi zimene bwana akufuna kumva poyamba. Ndime yake yoyamba inatuluka motere:

“Bwana, Loweruka webusayiti yathu sinkatseguka kwa alendo kuyambira 02:10 usiku mpaka 13:10 masana. Pa nthawi yonseyi palibe amene anatha kusungitsa chipinda kudzera pa webusayiti. Imelo ndi mafoni zinkagwira ntchito, ndipo palibe mayina kapena zambiri za alendo zimene zatayika kapena kubedwa. Chinachitika n'chakuti setifiketi ya chitetezo inatha. Ndaika yatsopano, ndipo ndikupempha chilolezo chanu pa zinthu zitatu zimene ndalemba kumapeto.”

Bwana wotanganidwa akawerenga ndime iyi yokha wadziwa kale kukula kwa vuto, ndipo angathe kuyankha mwini malo kapena kampani yobweretsa alendo popanda kuchita chibwibwi. Chiganizo chonena zimene sizinakhudzidwe n'chofunika kwambiri, chifukwa munthu akamva kuti webusayiti yagwa, mtima umathamangira kwa akuba a pa intaneti. Koma chilembedwe pokhapokha wolembayo atafufuzadi, osati pofuna kuziziritsa mtima wa bwana.

Gawo limene ine ndimaliona ngati mtima wa lipoti ndi ndondomeko ya nthawi. Setifiketi inatha 02:10. Munthu woyamba kudandaula anali wa kampani ina ya malole onyamula alendo oyenda maiko ambiri, amene analemba imelo 07:40. Mtsikana wolandira alendo anayesa pa foni yake, anaganiza kuti ndi netiweki, n'kudikira kuti ibwerera yokha. Bwana anauzidwa 09:30. Mnyamata wa webusayiti anali kumaliro kumudzi, ndipo kiyi yolowera mu seva inali mu laputopu imene anaisiya ku Mzuzu. Analowa mu seva 12:50, ndipo pofika 13:10 zonse zinali zitabwerera.

Werengerani nokha. Maola asanu ndi theka anatha popanda aliyense wodziwa kuti pali vuto. Pafupifupi maola awiri anatha uthenga uli pa tebulo la alendo. Maola atatu ndi mphindi 20 anatha podikira munthu mmodzi yekhayo amene akanatha kulowa. Kukonza kwenikweni kunatenga mphindi 20. Lipoti limene likanangofotokoza za setifiketi likanakamba za mphindi 20 zokhazo n'kusiya maola 10 ndi mphindi 40 osatchulidwa, pomwe ndi mmene munatayikira alendo. Zimenezi sizigwera malo aang'ono okha. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pafupifupi maola 6, ndipo eni ake pofotokoza anavomera kuti vutolo linatsekanso zida zimene akatswiri awo akanagwiritsa ntchito pokonza, moti anachita kutumiza anthu kumalo kumene kuli makinawo.

Tsopano chifukwa chake. “Setifiketi inatha” ndi yankho la funso loyamba lokha, ndipo wolemba lipoti ayenera kufunsabe mpaka afike pa chinthu chimene angathe kuchisintha. Setifiketi ya lojiyi ndi yaulere, yochokera ku Let's Encrypt, ndipo imakhala masiku 90. Pa seva pali pulogalamu yotchedwa certbot imene imadzuka kawiri pa tsiku, ndipo kukatsala masiku 30 imapempha setifiketi yatsopano. Asanaipereke, a Let's Encrypt amagogoda pa khomo nambala 80 la seva kuti atsimikize kuti wopemphayo ndi mwini webusayiti. Alendo amalowera khomo lina, nambala 443. Miyezi iwiri m'mbuyomo mnyamata uja, pofuna kulimbitsa chitetezo, anatseka makomo onse amene ankawaona ngati opanda ntchito, ndipo 80 linali limodzi mwa iwo. Webusayiti inapitiriza kutseguka bwinobwino, choncho panalibe chomuchenjeza. Koma kwa mwezi wathunthu certbot inkayesa n'kulephera, n'kumalemba kulephera kwakeko mu /var/log/letsencrypt/letsencrypt.log mmene munalibe wowerenga. Kale a Let's Encrypt ankatumiza imelo yochenjeza setifiketi ikatsala pang'ono kutha, koma anasiya zimenezi mu Juni 2025. Ambiri amene amayang'anira mawebusayiti a maloji, masukulu ndi mabungwe athu akudalirabe imelo imene sidzabweranso.

M'lipoti anatchula mwachindunji kuti anatseka khomolo ndi iyeyo, ndipo anafotokoza chimene ankafuna. Pamenepa ndikufuna kulankhula ndi mabwana. Mukalandira chiganizo chotere n'kuyankha ndi kalata yochenjeza kapena kudula malipiro, dziwani kuti lipoti lotsatira lidzanenanso kuti inali netiweki. Munthu amene wakuuzani zoona wakupatsani chinthu chimene simukanachipeza nokha, poti inu mu seva simulowamo. Funso lothandiza silakuti walakwa ndani, koma lakuti zinatheka bwanji kuti cholakwika cha munthu mmodzi chikhale miyezi iwiri osaoneka. Kusasamala kobwerezabwereza ndi nkhani ina, ndipo ili ndi malo ake. Koma mtsikana wolandira alendo uja sanalakwe podikira, chifukwa palibe amene anamuuzapo kuti chenjezo lotere likaoneka aimbire ndani.

Kakonzedwe kake kalembedwe ndendende, kuti tsiku lina wina adzathe kubwereza ngakhale mwini wake palibe:

```
sudo ufw allow 80/tcp
sudo certbot renew
sudo systemctl reload nginx
sudo certbot renew --dry-run
```

Lamulo loyamba likutsegula khomo, lachiwiri likutenga setifiketi yatsopano, lachitatu likuuza nginx, pulogalamu yopereka webusayiti kwa alendo, kuti iyambe kuigwiritsa ntchito. Lachinayi ndi limene ambiri amalidumpha. Limayeserera kupempha setifiketi popanda kusintha chilichonse, ndipo likadutsa ndiye umboni wakuti ulendo wotsatira zidzayenda zokha. Popanda limeneli munthu akhoza kukhala atangosunthira vutolo kutsogolo ndi masiku 90.

Pa za kupewa, mawu ngati “tidzayesetsa kukhala tcheru” musamawalandire. Chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi tsiku lomalizira, ndipo chiyankhe gawo limodzi la maola otayika aja. Pa maola asanu ndi theka a usiku, mnyamatayo analonjeza kuti pofika Lachisanu adzakhala atalembetsa webusayitiyo ku ntchito ina ya pa intaneti imene imayesa kuitsegula mphindi zisanu zilizonse n'kutumiza uthenga ikakana, ndipo uthengawo uzipita kwa iye ndi kwa bwana. Kuyesaku kuyenera kuchokera kunja kwa seva, chifukwa seva ikafa singadzinenere yokha, ndipo munthu atsimikize kuti ntchito imene wasankhayo imayang'ananso tsiku lothera setifiketi, poti si zonse zimatero. Pa maola awiri a pa tebulo la alendo, anamata kapepala kofotokoza mayeso a Airtel ndi TNM aja ndi manambala awiri oimbira. Anaphunzitsanso mtsikanayo kudina kachizindikiro kapafupi ndi dzina la webusayiti Lolemba lililonse n'kuona tsiku lothera setifiketi. Akapeza kuti kwatsala masiku ochepera 25, ndiye kuti certbot yalephera kale, ndipo pakadali pafupifupi milungu itatu yokonzera mosathamanga.

Chachitatu chinali chovuta kwa iye mwini, chifukwa achinyamata ambiri a ntchitoyi amaona ngati kusunga okha makiyi ndi kumene kumateteza ganyu wawo. Anavomera kuti munthu wachiwiri akhale ndi kiyi yakeyake yolowera mu seva, komanso kuti mapasiwedi a kumene anabwereka seva ndi kumene analembetsa dzina la webusayiti asungidwe mu envulopu yomata mu sefa ya loji. Webusayiti ndi katundu wa loji, ndipo maliro sadziwitsa kuti abwera liti.

Lipoti lonse linakwana tsamba limodzi ndi theka. Silinanene kuchuluka kwa ndalama zimene zinatayika, chifukwa alendo amene anabwerera sanasiye mayina, ndipo nambala yongopeka ikanachotsa chikhulupiriro pa zina zonse. Linangonena kuti kudzera pa webusayiti tsiku limenelo sipanabwere pempho la chipinda ngakhale limodzi mpaka masana.

Inu amene muli ndi webusayiti ku Kande, ku Chintheche kapena pa boma pa Nkhata Bay, musadikire kuti igwe. Sabata ino funsani amene amakuyang'anirani kuti setifiketi yanu ikutha liti, ndani amalandira uthenga webusayiti ikazima usiku, komanso ndani wina angalowe mu seva iyeyo atakhala kumaliro.