Uthenga wa maliro ochokera ku Mbenji kwa abale akunja

Chilumba cha Mbenji, chomwe chili m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira m'boma la Salima, chimasonkhanitsa asodzi a utaka ochokera m'maboma osiyanasiyana usodzi ukatsegulidwa mu Epulo, ndipo popeza mwambo wa pachilumbachi sulola amayi kufikapo, msodzi akamwalira kumeneko amakhala ali kutali ndi mkazi wake komanso mbumba yake. Thupi limayenera kuoloka pa boti kupita kumtunda, monga ku doko la Chikombe, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imatha kuchedwetsa ulendowo.

Nchifukwa chake uthenga wopita kwa abale a ku Joni kapena ku Ulaya uyenera kulekanitsa malo omwe zovuta zagwera, pasiwa, kutanthauza nyumba yomwe anthu akukhuzirako maliro, ndi manda omwe malemu akagonekedwe. Womasulira uthengawo m'Chingerezi akangolemba kuti maliro ali ku Mbenji, m'bale wotsika ndege ku Lilongwe angathe kulunjika kunyanja pamene mwambo uli kumudzi kwina. Nthawi yoika maliro isalengezedwe thupi lisanafike kumtunda, ndipo ikatsimikizika ilembedwe ndi dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu ndi ola, chifukwa liwu loti "mawa" limasocheretsa uthenga ukamapatsiranidwa pa WhatsApp. Nthawi ya ku Joni ndi yofanana ndi ya kuno, koma mu Julayi 2 koloko masana ya kuno imakhala 1 koloko ku London. Ngati malemu anali Msilamu, monga alili anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja ku Salima, uthengawo unene mosabisa kuti maliro saswera, kuti abale akutali aganizire za sadaka, yomwe ndi mwambo wa mapemphero ndi chakudya wochitika pambuyo pake, m'malo mogula tikiti ya ndege yodzafikira pa manda okwiriridwa kale.

Ulemu nawo umasokonekera pomasulira. Chichewa chimati "atisiya" kapena "atsogola", koma mawuwa akatembenuzidwa momwe alili, mdzukulu wobadwira kunja, yemwe amawerenga Chingerezi chokha, angaganize kuti agogo ake apita paulendo. Choncho chiganizo choyamba chinene mwaulemu koma mosakuluwika kuti amwalira. Chingerezi chilinso ndi liwu limodzi lotchulira malume ndi bambo aang'ono, pamene m'mabanja a Achewa ndi Ayao malume, mlongo wake wa mayi, ndiye mwini mbumba amene amalamula za maliro. Womasulira afotokoze ubalewo m'mawu athunthu, kuti owerenga adziwe kuti zomwe zalengezedwa zachokera kwa woyenera.

Pa chipepeso, ndalama zomwe okhuza maliro amapereka kwa anamfedwa, patchulidwe munthu mmodzi yekha wosankhidwa ndi banja, ndi dzina lake monga lilili pa chiphaso cha unzika, popeza wotumiza pa Mukuru, Airtel Money kapena TNM Mpamba amafuna kuona kuti dzina ndi nambala zikugwirizana asanatumize.