Udindo wa Wosewera Umachokera pa Mapu

Anthu ambiri amene amasewera League of Legends, masewera a pa intaneti omwe kampani ya Riot Games inatulutsa mu 2009, amaganiza kuti maudindo asanu a m'timu ndi mwambo chabe umene anaupeza. Ine ndikutsutsa. Maudindowa anabadwa chifukwa cha kamangidwe ka mapu a Summoner's Rift, ndipo wosewera amene sawerenga mapu amagonja ngakhale zala zake zikhale zachangu.

Tiyambe ndi masamu. Mapuwa ali ndi njira zitatu zolumikiza malikulu a matimu awiri: yakumtunda, yapakati ndi yakumunsi. Pakati pa njirazi pali nkhalango ya zilombo. Kumayambiriro kwa masewera, tiasilikali tisanu ndi kamodzi timatuluka m'njira iliyonse pa masekondi 30 alionse, ndipo golide amapita kwa amene wamenya komaliza kamsilikali ka adani. Choncho minda yokolola golide ilipo inayi, njira zitatu ndi nkhalango, pomwe osewera alipo asanu. Mmodzi ayenera kugona ndi njala. Apa ndi pamene panachokera udindo wa wothandiza, amene amasiyira mnzake golide, iye n'kumamuteteza ndi kuyika zounikira m'tchire. Amene amanyoza udindowu amaiwala kuti popanda iye anthu awiri akanalimbirana munda umodzi, onse n'kusauka.

Nanga bwanji awiriwo amakhala kumunsi osati kumtunda? Chifukwa phanga la chinjoka, chimene chimapatsa mphamvu timu yochipha, lili mumtsinje pafupi ndi njira yakumunsi. Timu yokhala ndi anthu awiri kumeneko imayamba ndiyo kufika. Kakhalidwe aka kanafala pamene timu ya ku Ulaya ya Fnatic inapambana mpikisano woyamba wa dziko lonse mu 2011.

Kutalika kwa njira nakonso kumasankha munthu. Njira yapakati ndi yaifupi, kotero wosewera wofooka thupi koma wowombera patali amatha kuthawira kunsanja yake msanga, komanso amafika mbali zonse mosavuta. Njira yakumtunda ndi yaitali ndiponso yakutali ndi chinjoka. Ukapita patsogolo kwambiri, mlenje wa adani, uja amayendayenda m'nkhalango, amakutulukira kumbuyo usanafike pothawira. N'chifukwa chake kumeneko kumapita wolimba thupi, wotha kudziimira payekha.

Tione chitsanzo. Kwatsala mphindi imodzi kuti chinjoka chituluke. Osewera athu apakati ndi akumunsi akupha tiasilikali ta adani mofulumira, tathu n'kukafika pansanja zawo. Tsopano adani ali pamphambano. Akatsala kuti akolole, ife tatsikira kale kumtsinje, tayika zounikira. Akatitsatira, nsanja zawo zomwe zikupha tiasilikalito, ndipo golide wa gulu limodzi, pafupifupi 100, wawapita m'njira iliyonse. Kupha wosewera kumabweretsa pafupifupi 300, kotero kutaya magulu atatu kuli ngati kuphonya mdani mmodzi. Akafuna zonse ziwiri amafika mmodzimmodzi, n'kuphedwa. Mapanga awiri avumbwitsa.

Zikatembenuka, chizindikiro chake chimaoneka pa kamapu kakang'ono ka pakona. Ngati tiasilikali ta adani tili pansanja zathu, ndiye kuti nkhondo ya pachinjoka taluza isanayambe. Mlenje wathu akaumirira kulowa m'phanga yekha, amafa, ndipo anzake amamunyoza. Koma mlandu si wake yekha. Unayambira m'njira, mphindi imodzi yapitayo. Chanzeru pamenepo n'kusiya chinjoka, kukatenga nsanja kapena zilombo za mbali yakumtunda kumene adani kulibe.

Ena anganene kuti si mapu amene amalamula, koma kampani. Mfundo yawo ili ndi mutu. Matimu a akatswiri anazolowera kutumiza awiri aja kumtunda pofuna kuzemba adani ovuta ndi kugwetsa nsanja msanga, mpaka Riot inasintha malamulo mu 2016, ndi kuwasinthanso mu 2025, kuti mchitidwewu uchepe. Ndikuvomera kuti apa kampani inakakamiza. Koma taonani njira imene inatsata: inasintha kulimba kwa nsanja ndi phindu lopezeka m'njira. Pofuna kuwongola osewera, inakonza bwalo. Ngakhale akatswiri osinthana njira aja ankawerenga mapu omwewo, n'kupeza mpata umene ena sanauone.

Choncho wophunzira masewerawa asayambe ndi funso loti ndi ngwazi iti yamphamvu. Ayambe wafunsa kuti njira yake ndi yaitali bwanji, yayandikana ndi chiyani, ndipo tiasilikali tili pati nthawi ino. Akayankha mafunso atatuwa adzadziwa nthawi yotsala ndi nthawi yonyamuka.