KUWERENGA MALIKISI SI KUKONZEKERA MAYESO

Achinyamata anzanga a kunyanja, amene mukukonzekera mayeso osankha yankho pa A, B, C ndi D, tamverani.

Bambo anga akakocheza bwato, sakhutira ndi kuwerenga zigoba za usipa. Amayala chilimira pamchenga n'kufufuza pomwe pang'ambika. Ife timayankha pepala lakale la MANEB, kuona 28 pa 40, basi kuthamangira pepala lina. Ine ndikuti kumeneko n'kutaya nthawi. Phunziro lili pa 12 mwalakwazo.

Ndili Fomu 2 ndinakumana ndi funso lotere: mayi wagula nsomba pa K8,000 n'kugulitsa pa K10,000, phindu lake ndi maperesenti angati? A 20, B 25, C 80, D 125. Ndinasankha A mosakayika. Phindu ndi K2,000 ndithu, koma ndinaligawa ndi mtengo wogulitsira m'malo mwa wogulira. Yankho ndi B. Dziwani kuti 20 uja sanamuike mwangozi, ndi nyambo ya munthu wolakwitsa ngati ine. Ndikanangoloweza kuti "B", funso lomwelo litabwera ndi manambala ena ndikanakodwanso.

Ndiye khalani ndi kope la zolakwa. Funso lililonse mwaphonya, lembani chifukwa chake: sindinkadziwa, sindinawerenge bwino (monga kudumpha mawu oti NOT), kapena ndinasokoneza njira. Wosadziwa abwerere ku buku. Wodumpha mawu azidula mzere kunsi kwa mawu otero. Funso lomwe mwakhoza mongolota lilembeninso, chifukwa mwayi si nzeru. Pakatha sabata, muwayankhenso mutaphimba mayankho.

Nanga kulota? Ena amati ukasowa yankho ungolemba C. Aaa, C si mbale wanu! Pa mayankho anayi, kulota mwachimbulimbuli kumakupatsani pafupifupi limodzi pa anayi: pa mafunso 12, mwina 3. Koma mukachotsa awiri oonekeratu kuti ndi abodza, muyembekezere pafupifupi 6. Onani funso la nsomba lija: K2,000 sikufika ngakhale theka la K8,000, choncho 80 ndi 125 atuluke msanga. Mwatsala ndi awiri musanawerengetsere n'komwe.

Koma yambani mwawerenga malangizo apamwamba pa pepala. Ngati sadula malikisi mukalakwa, musasiye funso lopanda yankho. Ngati amadula, lotani pokhapokha mwachotsako ena.

Wina anena kuti njirayi ikuchedwetsa, mnzake wamaliza mapepala khumi iye ali pa atatu. Zoona. Koma mapepala khumi osawabwereza amangokuzoloweretsani kulakwa komwe kuja kakhumi.

Madzulo ano, m'malo mwa bawo, tengani pepala lomwe munayankha kale, mupeze pong'ambika patatu pokha. Uthengawu mutumizirenso mng'ono wanu amene akulemba chaka chino.