Moto wopanda lawi ndi umene ndimauopa

Abale anga akumudzi kuno ndi inu a m'tauni, Juni wafika, mbaula zayamba kulowa m'nyumba. Ambiri timati makala akasiya kufuka, afiira bwino, ndiye kuti palibe vuto, tilowetse ana aothe. Ineyo maganizo amenewa ndikuwakana.

Tiyambe ndi nkhuni. Chikuni chikatentha chimatulutsa mpweya ndi timafuta tina. Izi zikakumana ndi mphepo yokwanira pamalo otentha kwambiri zimayaka, ndipo chimene timachitcha lawi ndi chimenecho. Kunena mwachidule, lawi ndi utsi umene ukupsa. Amene akukayika ayatse kandulo, aizimitse, kenaka msangamsanga aike machesi oyaka pa kautsi kamene kakukwera, pafupi ndi chingwe koma osachikhudza. Moto utsika ndi utsiwo mpaka kandulo iyakenso. Ana amati ndi matsenga, koma ayi, utsiwo ndi mafuta a kandulo amene athawa osapsa.

Tsono moto wongonyeka, monga wa chitsa, wa utuchi kapena wa mulu wa makoko a mtedza, umayenda mwina. Umangodya pamwamba pa khala pang'onopang'ono, mphepo ikulowa movutikira m'timing'alu ndi m'phulusa. Kutentha kwake kumakhala cha m'madigiri 500 mpaka 700, pamene lawi limapitirira 1,000. Kutenthako n'kokwanira kuphika nkhuni kuti itulutse mpweya uja, koma lawi loti liupsereze palibe. Ndiye umatuluka wosapsa, n'kuzizira, n'kusanduka timadontho ting'onoting'ono. Utsi woyera wolasa m'maso uja ndi umenewo.

Nkhuni zaziwisi zimachita zomwezo, chifukwa moto umathera mphamvu pophwetsa madzi. Chimodzimodzi mukathithikiza nkhuni pa mafuwa, poto n'kukhala pansi kwambiri. Amayi akagwada n'kuuzira, lawi likangoti phu, utsi umachepa pompo. Sanawonjezere nkhuni, angowonjezera mphepo.

Koma utsi ndi wabwinoko chifukwa umakutsokomoletsa, umathawa wekha. Choopsa ndi mnzake amene a zaumoyo amamutcha kaboni monokisaidi. Khala likapsa bwinobwino limatulutsa mpweya wofanana ndi umene timatulutsa popuma. Likapsa mopereweza limatulutsa wa poizoniwu, umene ukadali wotheka kupsa. Timalawi tobiriwira timene timavina pamwamba pa makala otentha kwambiri, ndi mpweya umenewu ukupsa. Timalawito tikazima makala akadali ofiira, poizoniyo amangokwera osapsa. Alibe fungo, alibe mtundu, sayabwa m'maso.

Apa ndi pamene makala amatipusitsa. Zofuka zambiri zinatsala ku uvuni kuja, pamene owotcha anakwirira mitengo ndi dothi mwadala kuti inyeke osayaka. Ndiye pa mbaula utsi ndi wochepa, koma poizoni alipo ndithu, mpaka khala lomaliza.

Taganizani banja la anthu asanu, chipinda chimodzi cha malata, usiku wozizira ngati wa ku Dedza. Nsima yatha, atseka chitseko, windo atchinga ndi chiguduli, pansi pa chitseko aikapo thumba. Pa mbaula athirapo phulusa kuti moto ufike m'mawa. Phulusalo likutchinga mphepo, ndiye moto ukunyeka usiku wonse, ndipo m'chipinda chotsekacho poizoni alibe potulukira. Akalowa m'thupi amakakamira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino ka 200 n'kupitirira, magazi n'kulephera kunyamula mpweya wabwinowo. Munthu ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru, miyendo kulefuka. Wogona sadzuka kuti amve zimenezi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'mawa anthu akadzuka mitu ikuwaphwanya timathamangira kunena malungo, ena mpaka kuloza chala agogo a khomo loyandikana. Chizindikiro n'chapafupi: nyumba yonse yadwala nthawi imodzi, thupi silikutentha, ndipo akakhala panja akupezako bwino. Zikatero tsekulani paliponse, atulutseni onse, mbaula panja. Wokomoka, wosokonekera mutu, mayi woyembekezera kapena khanda, thamangani nawo kuchipatala ndipo mukanene kuti anagona ndi mbaula.

Ndikudziwa ena muti, "Achimwene, kuzizira nakonso kumapweteka, mabulangete akwera mtengo." Zoona. Komabe otherani pakhonde kapena chitseko chili chotsekula, ndipo pogona mbaula ituluke, makala muwazimitsire panja, mawa agwiranso ntchito. Kamng'alu ka pawindo musakadalire. Ngati mukufuna kofunda, ikani njerwa pambali pa moto pophika, muikulunge m'chiguduli, muiike kumapazi kwa ana. Imasunga kutentha nthawi ndithu, ndipo njerwa situlutsa mpweya uliwonse.