Mphindi khumi zoletsa akathyali

Mukatsegula akaunti pamalo okambirana oyendera pulogalamu ya Discourse, monga pomwe amakumana ogwiritsa ntchito Python, simungalembere munthu uthenga wapayekha nthawi yomweyo. Mumayambira pa Trust Level 0, ndipo ngakhale polemba pagulu malinki saloledwa kupitirira awiri. Anzanga ena amati kumeneku ndi kunyoza alendo. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi labwino.

Taonani zomwe amafuna kuti mukwere pa Trust Level 1, pomwe mauthenga amatseguka. Ngati oyang'anira sanasinthe ziwerengero, muyenera kulowa m'mitu ya nkhani 5, kuwerenga zolemba 30, ndi kuthera mphindi 10 mukuwerenga. Safunsa digiri kapena chitupa, ndipo sakukakamizani kulemba kanthu. Amayeza kuwerenga, ndipo apa ndi pomwe pali nzeru. Akadati amene walemba kambiri ndiye akwere, anthu akadadzaza malowo ndi "zikomo" wopanda pake pofuna kukwanitsa nambala.

Kwa wophunzira amene wabwera ndi funso lenileni, mphindi khumi si kanthu, ndipo mwina apeza kuti funso lake linayankhidwa kale. Koma tiyerekeze kathyali amene watsegula maakaunti 200 kuti atumize mauthenga a ntchito zabodza. Akaunti iliyonse ikufuna mphindi zake 10, zonse pamodzi mphindi 2,000, omwe ndi maola oposa 33, kuti maakaunti onsewo athe kutumiza mauthenga. Akaunti imodzi ikatsekedwa, nthawi yake yapita. Tikumbukirenso kuti chinyengo cholembedwa pagulu ena amachiona nachenjeza oyang'anira, pomwe uthenga wapayekha amauona ndi wolandira yekha, amene mwina ndi womaliza maphunziro wosowa ntchito.

Zoona, mpandawu ndi waufupi. Wodziwa kulemba mapulogalamu angathe kupanga kompyuta kuti izinamizira kuwerenga, ndipo wakuba wodekha angodikira. Kukwera pa Trust Level 1 sikusonyeza kuti munthu ndi wokhulupirika. Kumangosonyeza kuti sanathamange. N'chifukwa chake mphamvu zazikulu sizibwera msanga. Trust Level 2 imafuna kuti mubwere masiku 15 osiyanasiyana ndi kuyankhapo pa mitu itatu. Trust Level 3 imayang'ana masiku 100 apitawa, ndipo mukazilala imachotsedwa. Trust Level 4 siipezeka ndi ziwerengero n'komwe, oyang'anira ndiwo amasankha munthu.

Amene ndimamumvera chisoni ndi mlendo wamanyazi, amene Chingerezi chake n'chosalongosoka ndipo akadakonda kufunsa munthu mmodzi mwakachetechete. Iyeyo lamuloli limamupweteka. Komabe yankho langa si kuchotsa lamulo. Oyang'anira azilemba poyera, tsiku loyamba lomwelo, zomwe zatsekedwa ndi zomwe munthu achite kuti zitseguke, chifukwa batani la uthenga likangosowa popanda kufotokoza, mlendo amaganiza kuti foni yake ndiyo yavuta kapena kuti walakwa kanthu.